Inshuwalansi ya K1,500 pamwezi yandikana mwana atagonekedwa: kodi andibera?

"Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa tomato ndi kachewere pa Lizulu. Gulu lathu la ngongole linatilowetsa mu inshuwalansi ya zaumoyo ndipo amatidula K1,500 pamwezi. Mwana wanga wamng'ono atagonekedwa masiku awiri kuchipatala cha mishoni ndi malungo, ndinalipira ndekha K28,000, koma a inshuwalansi akuti sandipatsa kanthu. Alamu anga amagwira ntchito pakampani ina ku Lilongwe, iwo amangoonetsa khadi basi n'kulandira mankhwala. Pano kuchipatala komweko akuti ayambitsa thumba loti anthu a m'midzi yozungulira tizisonkha. Kodi andibera? Nanga ndilowe kuti?"

Mayi, pepani ndi matenda a mwanayo, ndipo mtima ukhale m'malo. Mwina simunaberedwe ayi. Chimene chimachitika kawirikawiri m'magulu a ngongole n'chakuti munthu amasainitsidwa tsiku lolandira ndalama, maganizo ali pa katundu woti akaode, ndipo palibe amene amakhala naye pansi n'kumuuza kuti chimene wagulacho chimalipira pa zifukwa ziti. Zinthu zitatu mwatchulazi, ya kugulu lanu, khadi la alamu anu ndi thumba la kumishoni, zimatchedwa dzina limodzi koma sizigwira ntchito imodzi. Kuti muzisiyanitse, funsani mafunso awiri pa chilichonse: ndalama ikatuluka imapita m'manja mwa ndani, ndipo chiyenera kuchitika n'chiyani kuti ituluke?

Tiyambe ndi imene muli nayo kale. Inshuwalansi zing'onozing'ono zimene zimabwera pamodzi ndi ngongole, kapena zimene amadula pa foni kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, zambiri mwa izo sizilipira bilu ya kuchipatala. Zimapereka ndalama yoikika pa usiku uliwonse umene munthu wagona m'wodi, ndipo ndalamayo imabwera kwa inu, osati kuchipatala. Kaya bilu inali K5,000 kaya K200,000, iwo sawerengera zimenezo, amangowerenga mausiku. Anazikonza chonchi dala kuti zitsike mtengo, chifukwa kampani siyenera kulemba ntchito munthu woti azifufuza mtengo wa botolo lililonse la diripi. Akungofuna tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka, zokhala ndi chidindo.

Pamenepa ndi pamene pali msampha womwe ndikuganiza kuti wakugwirani. Mapepala ambiri a mtundu uwu amanena kuti malipiro amayamba munthu akagona mausiku osachepera awiri kapena atatu. Mwana wolowa Lolemba masana n'kutuluka Lachiwiri madzulo, kwa inu wakhala masiku awiri, koma kwa iwo wagona usiku umodzi wokha. Malungo a mwana amene wafika msanga nthawi zambiri satenga masiku ochuluka m'wodi, choncho matenda amene amatigoneka kwambiri kuno ndi omwenso amagwera kunsi kwa malirewo.

Ngati si zimenezo, pali zifukwa zina zitatu zoti mufufuze. China ndi nthawi yodikira: mukangolowa, pamadutsa mwezi kapena kuposerapo musanayambe kutetezedwa pa matenda, ngakhale kuti ngozi nthawi zambiri amaiwerengera kuyambira tsiku loyamba. China ndi dzina. Ena amateteza wotenga ngongole yekha, ena amaonjezera mwamuna kapena mkazi wake ndi ana owerengeka amene analembedwa pa fomu, ndiye mwana wobadwa fomu itadzazidwa kale, kapena wolembedwa dzina la kunyumba pomwe m'kabuku ka kuchipatala muli dzina lina, amakanidwa. Chachitatu n'choti chitetezo chambiri chomangiriridwa ku ngongole chimatha tsiku limene ngongole yatha, kapena chimaima gulu likabweza mochedwa, ngakhale inuyo munapereka gawo lanu pa nthawi yake.

Musavomere yankho la pakamwa lakuti "sizikutheka". Pitani kwa mlangizi wa ngongole wa gulu lanu mukapemphe zinthu ziwiri: pepala la mgwirizano lokhala ndi dzina la kampani ya inshuwalansi yeniyeniyo (bungwe lobwereketsa ndalama nthawi zambiri limangogulitsa m'malo mwa kampani ina), ndi chifukwa chokanira cholembedwa. Tengani kabuku ka kuchipatala ka mwana koonetsa tsiku lolowa ndi lotuluka, lisiti la K28,000 lija ndi chiphaso chanu cha unzika. Musasiye mapepala enieniwo osawajambulitsa. Fulumiraninso, chifukwa pempho la malipiro limakhala ndi malire a masiku, ndipo anthu ambiri amataya ndalama yawo chifukwa chongochedwa. Chifukwa chimene angakupatseni chikapanda kugwirizana ndi zolembedwa papepala, lembani dandaulo ku kampaniyo, ndipo ikapanda kukuthandizani nkhani ipite ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imapereka ziphaso kwa makampani a inshuwalansi komanso imalandira madandaulo a makasitomala. Koma akalephera n'komwe kukuuzani dzina la kampani, pamenepo ndiye kaikani ndithu, ndipo gulu lonse lifunse kumene K1,500 yanu ikupita.

Tsopano khadi la alamu anu. Imeneyo ndi sikimu ya zachipatala, ngati ya MASM, imene ili ndi magawo monga Econoplan, Executive ndi VIP. Sikimu yotere imalipira chipatala mwachindunji malinga ndi bilu: kuonana ndi dokotala, kuyezetsa magazi, mankhwala, kugonekedwa, opaleshoni, ndipo magawo apamwamba amafika patali kuposa apansi. Mphamvu yake ili pa matenda a ndalama zambiri ndiponso poti khadi limagwira ntchito m'zipatala zambiri, osati chimodzi. Koma zimene inu mumaona ndi khadi lokha. Simuona ndalama imene imadulidwa pa malipiro awo mwezi ndi mwezi, pa mutu uliwonse wa m'banjamo, kuphatikizapo gawo limene abwana awo amawaonjezera. Simuonanso shotifo, ndalama yotsala imene amauzidwa kuti alipire okha chipatala chikatchaja kuposa mtengo umene sikimu inavomereza. Nazonso zili ndi malire a pachaka, nthawi yodikira pa uchembere, ndi malamulo okhwima pa matenda amene munthu analowa ali nawo kale. Ndipo kwa munthu wokhala ku Lizulu pali funso lina losavuta: chipatala chapafupi cholandira khadilo chili kuti? Ngati muyenera kukwera minibasi mpaka pa boma pa Dedza kapena pa Ntcheu nthawi iliyonse mwana akatentha thupi, khadilo mudzalisunga m'chikwama n'kumalipirabe kumishoni. Kwa banja la anthu asanu lodalira bizinesi ya tomato, yomwe lero ikwera mawa igwa, ine sindingakulimbikitseni kuyambira pamenepo.

Thumba la kumishoni ndi limene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndi limene lingakuthandizeni kwambiri komanso ndi limene limagwa msanga likayendetsedwa mosasamala. Zipatala za boma sizilipiritsa, koma za mishoni, zomwe zili pansi pa CHAM, zimalipiritsa, ndipo m'madera ambiri a Dedza ndi Ntcheu chipatala chapafupi ndi cha mishoni chomwecho. Thumba la m'mudzi limabwera kudzatseka mpata umenewu. Anthu amasonkha kandalama kochepa akadali bwino, komiti imasunga, ndipo membala akadwala amalandira chithandizo osatulutsa ndalama pawindo, kapena kutulutsa kochepa chabe, kenako thumba limalipira chipatala. Si zachilendo kuno, ku Kaundu m'boma la Dedza anayambitsa sikimu ya mtundu umenewu. Kusiyana kwake ndi kampani n'kwakuti palibe mwini wofuna phindu, eni ake ndinu mamembala, ndipo nthawi zambiri safunsa ngati muli ndi matenda kale. Kusiyananso ndi thumba la zadzidzidzi la ku banki m'khonde n'kwakuti kuno simukongola, ndipo mukapanda kudwala chaka chonse ndalama yanu sibwerera. Mfundo yomalizayi ndi imene imayambanitsa anthu pa msonkhano wa kumapeto kwa chaka, ndiye ndi bwino kuimvetsa musanalowe.

Ubwino wake ndi woonekeratu pa matenda a tsiku ndi tsiku. Mwana akatentha thupi usiku simudikira tsiku la msika kuti mupeze ndalama, mumapita m'mawa womwewo, ndipo malungo ogwidwa tsiku loyamba nthawi zambiri amathera pa mankhwala akumwa osafika pogonekedwa. Inshuwalansi yanu ya kugulu ija singachite zimenezi, chifukwa siyang'ana n'komwe munthu wolandira mankhwala n'kubwerera kunyumba.

Malire ake ndi oti thumba limathera pa geti la chipatala chimenecho. Akakutumizani ku chipatala cha boma, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, chithandizo chakumeneko n'chaulere, koma ulendo, chakudya cha wodikirira ndi mankhwala amene angakuuzeni kuti mukagule kufamase zili pa inu, pokhapokha malamulo a thumba atanena kuti amalipira mafuta a ambulansi. Mukadwalira ku Blantyre mutapita kukagulitsa katundu, khadi la thumba lanu kumeneko ndi pepala chabe.

Kuti muone chimene chimagwetsa matumba amenewa, tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti alowa anthu 1,000, aliyense akupereka K500 pamwezi. Pachaka thumba lapeza K6,000,000. Munthu aliyense akapita kuchipatala kawiri pachaka, ulendo uliwonse n'kudya K3,000 ya mankhwala ndi zoyeza, ndalama yotuluka ndi K6,000,000 yomweyo. Sipatsala ya makhadi, ya mlembi, kapena ya mwezi wa malungo ambiri. Ndiye ifike Januwale ndi Febuluwale, ndalama zapita ku feteleza ndi chimanga, anthu 500 athanzi aleka kusonkha. Otsalawo ndi amene amadziwa kuti adzadwala: okalamba, a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, mabanja a ana ang'onoang'ono. Ndalama yolowa yatsika kufika pa K3,000,000, koma maulendo a kuchipatala atsika pang'ono chabe, tinene kuchoka pa 2,000 kufika pa 1,500, omwe ndi K4,500,000. Thumba layamba kukhala ndi ngongole kuchipatala, chipatala chalephera kuoda mankhwala, membala wafika pawindo n'kuuzidwa kuti akagule kwina, ndipo mawa lake nayenso waleka kusonkha. Onjezani apo kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo poti mankhwala ambiri amachokera kunja, thumba lililonse limene chopereka chake chinakhala chomwecho linayamba kugula mankhwala ochepa ndi ndalama yomweyo.

Chifukwa cha zimenezi, malamulo ena amene amaoneka ngati nkhanza ndi amene amasonyeza kuti okonza thumba akudziwa ntchito yawo. Akanena kuti lowani banja lonse osati wodwaladwala yekha, akuteteza thumba. Akanena kuti wolowa lero adikire mwezi umodzi, akutseka njira ya anthu olembetsa ali kale pa kabaza kupita kuchipatala. Kandalama kochepa kolipira pawindo nakonso kali ndi ntchito, kamachepetsa maulendo osafunikira, malinga kasakule mpaka kubweza mayi wopanda kanthu m'manja. Thumba lolonjeza chilichonse kwa aliyense kuyambira tsiku loyamba pa K200 pamwezi ndi limene muyenera kuliopa.

Pa msonkhano woyambitsa, imikani dzanja mufunse izi. Ndalama zizisungidwa kuti? Yankho labwino ndi akaunti ya kubanki kapena ku SACCO ya dzina la thumba, yosainira anthu osachepera awiri, mmodzi wa kumudzi wina wa kuchipatala, osati foni ya msungichuma. Funsani ngati wopereka aliyense azilandira lisiti, ndi ngati malipoti a ndalama zolowa ndi zotuluka aziwerengedwa pagulu miyezi itatu iliyonse. Funsani mndandanda wolembedwa wa zimene thumba lilipira, makamaka kugonekedwa, ndipo ngati pali malire, ndi ndalama zingati pa munthu pachaka. Funsani chimene chichitike mankhwala akatha: kodi mukagula kufamase adzakubwezerani? Funsaninso ngati mungalipire miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka chonse kamodzi, nthawi imene kachewere wayenda bwino, chifukwa kulipira mwezi ndi mwezi ndi kumene kumadula anthu m'miyezi ya njala, yomwenso ndi miyezi ya malungo. Ndipo ngati pali bungwe lakunja limene likuthandizira poyamba, funsani kuti likadzachoka chopereka chidzakhala zingati.

Pali funso lina limene anthu ambiri saliganizira. Kuyambira 2006 boma lakhala likupanga mapangano ndi zipatala zina za CHAM oti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa ulere, boma n'kumalipira. Mankhwala otalikitsa moyo, a chifuwa chachikulu ndi katemera wa ana nazonso siziyenera kudya ndalama ya thumba. Funsani mkulu wa chipatala kuti pangano lawo ndi boma likukhudza ziti pakali pano, kuti musasonkhere zinthu zomwe ndi zaulere kale, komanso kuti wina asakunyengerereni kulowa ponena za sikelo ndi kuchira zomwe simukanalipira n'kale.

Tiyeni tsopano tiike zonse zitatu pa matenda amodzi, manambala akhalenso ongoyerekeza. Mwana wadwala chibayo, wagona mausiku asanu kumishoni. Bilu yakwana K60,000. Kabaza ndi maulendo a abale obweretsa chakudya adya K15,000, chakudya ndi nkhuni za kuchipatala K20,000, ndipo inu mwajomba pamsika masiku asanu, tsiku lililonse K8,000, yomwe ndi K40,000, osawerengera tomato woola. Zonse pamodzi ndi K135,000, ndipo onani kuti bilu yeniyeni sinafike theka. Muli mu thumba la kumishoni, ngati limalipira kugonekedwa konse, K60,000 ija yachoka ndipo simunaifunefune usiku, koma K75,000 ili pa inu. Muli ndi sikimu ngati ya alamu anu, zotsatira zake n'zofanana, mwinanso muonjezere shotifo, pomwe mwezi uliwonse mwakhala mukulipira ndalama yochuluka kwambiri. Muli ndi inshuwalansi ya kugulu yokha, tinene yopereka K10,000 pa usiku, mutulutsa K135,000 yonse nokha, kenako pakapita masabata mulandire K50,000, kapena K30,000 ngati pepala likunena kuti mausiku awiri oyamba sawerengedwa. Mawu amenewo muwafunefune bwino, chifukwa "timalipira mukagona mausiku atatu" ndi "timalipira kuyambira usiku wachitatu" si chinthu chimodzi.

Koma mwana yemweyo akagonekedwa pa chipatala cha boma cha Ntcheu kapena cha Dedza, nkhani imatembenuka. Bilu palibe, thumba la kumishoni lilibe cholipira, ndipo K50,000 ija ikudzachepetsa K75,000 ya ulendo, chakudya ndi bizinesi yoima. Apa ndi pamene inshuwalansi yaing'onoyo imaonetsa ntchito yake yeniyeni, yomwe ndi kuteteza mpamba wanu. N'chifukwa chakenso obwereketsa ndalama amaikonda: mayi amene walandira kenakake atatuluka m'chipatala sadumphitsa kubweza ngongole. Ingotsimikizani kuti pepala lanu likuvomereza zipatala za boma, ndiponso ngati chipatala chaching'ono cha kumudzi chokhala ndi mabedi ochepa amachiwerengera monga malo ogonekedwa, chifukwa ena amafuna chipatala chachikulu chokha.

Ndiye mulowe kuti? Ngati chipatala cha mishonicho ndicho mumathamangirako nthawi zonse, ndipo mafunso aja ayankhidwa bwino, lowani thumbalo banja lonse. Pa K500 ya chitsanzo chathu, anthu asanu ndi K2,500 pamwezi, K30,000 pachaka, pafupifupi ndalama imene munalipira pa malungo amodzi aja. Werengerani malisiti a kuchipatala a chaka chathachi muyerekeze ndi chopereka chenicheni chimene adzalengeze. Inshuwalansi ya kugulu musaitaye ndi mkwiyo musanawerenge pepala lake. K1,500 pamwezi ndi K18,000 pachaka, ndipo ngati ikuteteza banja lonse, n'kukhalanso ndi gawo la maliro monga zimakhalira zambiri, ndi ndalama yoyenera. Ngati ikuteteza inu nokha ndipo imayamba pa usiku wachitatu, phindu lake n'lochepa, ndipo gulu lanu lingachite bwino kukambirana ndi obwereketsawo kuti asinthe kapena ikhale yosakakamiza. Mukanakhala kufupi ndi chipatala cha boma, yankho likanakhala lina: thumba la kumishoni silikanakupindulirani kwenikweni, ndipo ya mausiku ija ikanakhala patsogolo.

Sikimu yaikulu muiganizire ngati m'banjamo muli wina amene akufunika kuonana ndi madokotala a ukatswiri pafupipafupi, koma musanalipire kalikonse afotokozereni matendawo poyera ndipo akuyankheni molemba ngati adzawalipira ndi kuyambira liti. Kubisa matenda pa fomu kumapatsa kampani mpata wokana kulipira tsiku limene mukuifunitsitsa.

Chimodzi chokha musachite: kuchedwetsa mwana kunyumba podikira kuti nthawi yodikira ithe kapena khadi lituluke. Mwana amene akukomoka, akupuma mothamanga nthiti zikulowa m'kati, akusanza chilichonse, wakana kuyamwa kapena m'manja mwayera, apite kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo. Ndalama ikavuta kumishoni, uzani a kalaliki kapena sisitala woyang'anira kuti mudzalipira pang'onopang'ono, kapena pemphani kalata yokutumizani ku chipatala cha boma. Potuluka, musachoke musanaone kuti m'kabuku alembamo tsiku lolowa, tsiku lotuluka, dzina la matenda ndi chidindo, ndipo dzina la mwana likhale lofanana ndendende ndi limene lili pa fomu ya inshuwalansi.